Kuwonda, Ludzu ndi Mkodzo: Mawu Atatu Amene Timawalankhula Mokhotakhota

Munthu wodwala akafika kuchipatala, chinthu choyamba chimene dokotala amagwira si magazi ake, koma mawu ake. Mawuwo ndi amene amauza dokotala choti ayeze. Pa matenda ambiri, kulankhula mosasamala sikuwononga kwenikweni, chifukwa thupi likatentha amayeza malungo ngakhale wodwala atalongosola mopotoka. Matenda a shuga satero. Satenthetsa thupi, satulutsa zidzolo zoti aliyense aone, ndipo zizindikiro zake zitatu zodziwika bwino, kuwonda, ludzu ndi kukodza kwambiri, tonse tili ndi chizolowezi chozitchula m'njira imene imabisa matendawo. Nkhani ino ndi ya mawu atatu amenewa, ndi momwe tiyenera kuwalankhulira.

Ku Rumphi nkhaniyi ili ndi mbali ina yapadera. Anthu a ku Hewe, ku Nkhamanga, ku Henga, kumapiri a Phoka ndi kunyanja ku Mlowe amalankhula Chitumbuka kunyumba. Ludzu amati nyota, kuwonda amati kughanda. Koma mauthenga ambiri a zaumoyo amawafika m'Chichewa, ndipo namwino kapena dokotala amene angamupeze pa Bolero, pa Mhuju kapena pachipatala chachikulu cha pa boma akhoza kukhala wa ku Dedza kapena ku Thyolo. Wodwala akamalankhula m'chinenero chachiwiri amakonda kufupikitsa. Amanena mawu amodzi n'kukhala chete. Ndiye ngati mawu amodziwo ali olakwika, palibe china chowawongola.

Tiyambe ndi mkodzo, pakuti ndi pamene matendawa amayambira kuonekera. Pazikwangwani ndi pawailesi timamva kuti chizindikiro cha shuga ndi "kukodza pafupipafupi". Mawuwa si abodza, koma ndi operewera. Pafupipafupi amatiuza za nthawi, satiuza za kuchuluka. Pali munthu amene amathamangira kuchimbudzi kakhumi patsiku koma n'kumatulutsa timadontho, mwina kukuwotcha kapena kukupweteka m'chinena. Ameneyo vuto lake kawirikawiri lili m'chikhodzodzo kapena m'njira ya mkodzo. Akhoza kukhala ndi tizilombo m'njiramo, akhoza kukhala bambo wachikulire amene njira yake yafinyika, akhoza kukhala mayi woyembekezera, kapena msodzi wa ku Chitimba amene likodzo lamugwira, makamaka ngati kumapeto kwa mkodzo kukubwera magazi. Wodwala shuga ndi wosiyana. Iye ulendo uliwonse amatulutsa mkodzo wochuluka, wotuwa ngati madzi, wosapweteka. Munthu wamkulu wabwinobwino amakodza lita imodzi kapena awiri pa tsiku lathunthu. Mkodzo ukapitirira malita 3, achipatala amati wachuluka mopyola muyezo, ndipo wodwala shuga amene sanayambe mankhwala amatha kupitirira pamenepo kutali.

Choncho mawu oyenera ndi akuti "ndikukodza mkodzo wambiri, usana ndi usiku". Ndipo chifukwa palibe amene amayenda ndi botolo loyezera, usiku ndi umene umapereka umboni wabwino. Munthu anene kuti amadzuka kangati, ndiponso ngati chitini kapena kandowa kamene amagona nako m'nyumba kamadzadza kusanache. Izi dokotala amazimva msanga kuposa mawu oti "pafupipafupi".

Pali vuto lina pano, la ulemu. Mwambo wathu sulola munthu wamkulu kutchula mkodzo pamaso pa ana kapena apongozi, n'chifukwa chake timati "kutaya madzi" kapena "kupita kuseri". Kunyumba ndi pamaliro, mawu amenewa ndi oyenera ndipo tiwasunge. M'chipinda cha dokotala amasokoneza. Mayi akati "ndikutaya madzi kwambiri", womvayo angaganize za kutsegula m'mimba, za thukuta, kapena za zotuluka kumaliseche. Ulemu umene umachititsa kuti munthu apatsidwe mankhwala a matenda amene alibe suthandiza aliyense. Kwa dokotala, mkodzo tiutchule kuti mkodzo.

Tsopano ludzu. Apa cholakwika sichili m'mawu oti ludzu, koma m'kamawu kamene timalumikizira nako ziganizo, koti "chifukwa". Timamva achibale akunena kuti, "Bambowa akukodza kwambiri chifukwa akumwa madzi ambiri." Chiganizochi chikumveka chanzeru, koma kwa wodwala shuga chatembenuzidwa. Zoona zake n'zakuti akumwa madzi ambiri chifukwa akukodza kwambiri.

Zimachitika motere. Chakudya chilichonse chokhutitsa, kaya nsima, kondowole, mpunga, mbatata kapena nthochi, chikagayika m'mimba chimasanduka shuga amene amalowa m'magazi. Kuti shugayo achoke m'magazi n'kulowa m'minofu kukapereka mphamvu, pamafunika insulini, timadzi timene timapangidwa ndi kachiwalo kokhala kuseri kwa chifu, kamene mabuku ambiri amakatcha kapamba. Insulini akachepa, kapena thupi likaleka kumumvera, shuga amangounjikana m'magazi. Impso zimasefa magazi usana ndi usiku, ndipo mwa munthu wabwinobwino zimabweza shuga yense kuti asatayike. Koma mphamvu zake zili ndi malire. Shuga wa m'magazi akapitirira pafupifupi 10 mmol/L, impso zimalephera kumubweza yense, wotsalayo amagwera mumkodzo. Shuga sayenda yekha, amakoka madzi, monga momwe mchere umatulutsira madzi m'masamba a mpiru mukauthira asanaphikidwe. Mkodzo umachuluka, thupi limauma, ndipo ludzu limabwera pomaliza ngati njira imene thupi likudzitetezera.

Kutembenuza chiganizo chija kuli ndi zotsatira zake. Banja limene likukhulupirira kuti madzi ndiwo akuyambitsa vuto limauza wodwala kuti achepetse kumwa, makamaka madzulo, kuti agone bwino. Mkodzo suleka, chifukwa shuga akadali kukoka madzi, ndiye munthuyo amauma kwambiri mpaka kufooka kapena kusokonezeka mutu. Banja lina limamva chisoni n'kumugulira zakumwa zotsekemera za m'mabotolo, nzimbe, kapena kumukonzera thobwa lothira shuga kuti "abwezere mphamvu". Kumeneko n'kuwonjezera chinthu chomwe chikumuumitsa. Wodwala wotere amwe madzi wamba momwe ludzu likufunira, pamene akukonzekera ulendo wa kuchipatala.

Tisiyanitsenso ludzu ndi ludzu. Munthu amene wakwera phiri kuchoka ku Chitimba kupita ku Livingstonia mu Okutobala amamva ludzu, amamwa, ludzu limatha, ndipo mkodzo wake umakhala wochepa ndi wachikasu kwambiri popeza thupi likusunga madzi. Ludzu la shuga silitha ndi kumwa. Limamudzutsa munthu pakati pa usiku ngakhale mu Juni, nyengo imene kumapiri a Phoka kumazizira moti palibe amafuna madzi, ndipo limayenda pamodzi ndi mkodzo wochuluka. Mawu ake ndi akuti "ludzu losatha".

Mawu achitatu, kuwonda, ndi amene ali ndi katundu wolemera kuposa onse. Kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, pamene Edzi inayamba kutha anthu, munthu wamkulu akawonda m'mudzi anthu salankhula mokweza. Amanong'ona. Dzina lakale loti kaliwondewonde linamatirira ku matenda amodzi, ndipo mawu ngati "watha thupi" kapena "zija zija" anayamba kugamula mlandu munthu asanayezedwe n'komwe. Woganiziridwayo amachita manyazi, amabisala m'nyumba, kapena amapita kukayezetsa magazi kamodzi kokha, akamupeza alibe kachilombo amabwerera kunyumba n'kuyamba kuganiza kuti wina wamulodza.

Kuwonda si dzina la matenda. Ndi chinthu chimene chimachitikira thupi, ndipo zoyambitsa zake n'zambiri. Chifuwa chachikulu chimawondetsa, koma kawirikawiri pamakhala kutsokomola, kutentha thupi ndi thukuta la usiku. HIV imawondetsa munthu amene sanayambe kulandira mankhwala. Khansa imawondetsa. Ku Rumphi tiwonjezere kaodzera, matenda ofala ndi ntchentche za kashembe m'midzi yozungulira Vwaza, amene amabwera ndi kutentha thupi, mutu ndi kusokonekera kwa tulo. Pa matenda ambiriwa chilakolako cha chakudya chimachepa. Wodwala shuga nthawi zambiri amadya bwino, ena amadya koposa kale, koma thupi likupitabe. Shuga amene akanamupatsa mphamvu akutayikira mumkodzo, mwina magalamu opitirira 100 patsiku matendawa akakula, ndipo thupi limayamba kudya mafuta ake ndi minofu yake yomwe. Choncho chiganizo chothandiza si chakuti "ndawonda" basi, koma "ndikuwonda ngakhale ndikudya".

Tisaiwale kuti matendawa amatha kukhalira limodzi. Munthu amene ali pa ma ARV akhoza kudwalanso shuga, ndipo wodwala shuga amagwidwa chifuwa chachikulu mosavuta, pafupifupi katatu kuposa anzake. Kupezeka kwa matenda amodzi sikutseka khomo la ena.

Tiyerekeze mlimi wa fodya wa zaka 48 wa kufupi ndi Bolero. M'kabuku kake ka kuchipatala analembamo mu Novembala kuti amalemera makilogalamu 68. Tsopano ndi Julayi, chimanga chili m'nyumba, fodya wagulitsa, nyengo imene anthu akumudzi amabwezera thupi limene linatha ndi ntchito ya kumunda. Iye lamba wamuboola mabowo awiri atsopano. Akafika kwa dokotala n'kunena kuti, "Ndikungomva kufooka, m'thupi simuli bwino," angamuyeze malungo, osawapeza, n'kumupatsa mankhwala opha ululu. Palibe amene walakwa mwadala, mawuwo ndiwo sanaloze kulikonse.

Tsono tiyerekeze kuti walankhula chonchi: "Adokotala, miyezi itatu tsopano ndikudzuka kasanu usiku kukakodza, mkodzo wake wambiri koma wosapweteka. Ludzu silikutha, ndimagona ndi chigubu cha madzi pambali. Nsima ndikudya bwinobwino koma zovala zikukhwepa." Dokotala amukweza pasikelo, apeza makilogalamu 59. Wataya makilogalamu 9 mwa 68, ndiye kuti magawo 13 pa 100 alionse a thupi lake. Achipatala amayamba kuda nkhawa munthu akataya magawo 5 okha pa 100 m'miyezi 6 mpaka 12 popanda chifukwa chodziwika. Kenako dokotala afunsa, "Bambo, mwadya chilichonse lero?" Iye ayankha kuti wamwa tiyi ndi mbatata m'mawa. Amubaya chala, kadontho ka magazi akaika pakachipangizo koyezera, ndipo pakangopita masekondi ochepa kalemba 18.0 mmol/L.

Nambala imeneyi iyenera kuwerengedwa ndi malire amene bungwe la WHO linakhazikitsa. Munthu amene sanadye kanthu kwa maola 8, shuga wake akafika 7.0 mmol/L kapena kupitirira, ali m'malire a matenda. Ngati wayezedwa nthawi ina iliyonse, wadya kapena sanadye, malire ake ndi 11.1 mmol/L. Kwa munthu amene ali ndi zizindikiro zitatu zija, muyezo umodzi wopitirira malirewo ndi wokwanira kuti dokotala anene kuti ndi shuga. Kwa amene alibe chizindikiro chilichonse, amayenera kuyezanso tsiku lina asanagamule. Mlimi wathu ali ndi zizindikiro zonse ndipo ali pa 18.0, choncho palibe chodikira. Dokotala wosamala amuyezanso mkodzo, kuthamanga kwa magazi, HIV ndi chifuwa chachikulu, n'kumuyang'ana mapazi.

Apa pabwera cholakwika china cha masiku ano, cha manambala opanda mchira. Timamva munthu akuti, "Shuga wanga ali pa 9," mnzake n'kuyankha kuti, "Wanga ali pa 160, ndiye ine ndatheratu." Awiriwa ali pafupifupi pamodzi. Tizipangizo tina timawerenga mu mmol/L, tina mu mg/dL, ndipo kuti muchoke koyamba kupita kwachiwiri mumachulukitsa ka 18. Choncho 7.0 ndi 126, 11.1 ndi 200, ndipo 18.0 ya mlimi uja ndi 324. Komanso 9 wa munthu amene sanadye chigonereni ndi nkhani ina, 9 wa munthu amene wangomaliza nsima ndi nkhani inanso. Akuluakulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa. Potchula muyezo wa shuga, titchule zitatu: nambala, zilembo zimene zili pambali pake, ndi nthawi imene munthu anadya komaliza.

Dzina lenilenilo loti shuga nalonso tiliyang'ane. Timaligwiritsa ntchito pa zinthu zitatu: shuga wa m'paketi wochokera ku Dwangwa kapena ku Nchalo, shuga wa m'magazi amene munthu aliyense wamoyo ali naye, ndi matenda. Zikasakanizika, pamabadwa ziganizo ngati chakuti, "Ine sindingadwale shuga, tiyi ndimamwa wopanda shuga," kapena, "Amenewo ndi matenda a mabwana a m'tauni." N'zoona kuti kunenepa, kukhala osagwira ntchito yolimbitsa thupi, ukalamba ndi mtundu wa kubanja zimawonjezera chiopsezo cha shuga wa mtundu wachiwiri, amene ndiye wofala mwa akuluakulu. Koma zipatala za kuno kwathu zimalandiranso odwala ambiri amene sananenepepo chibadwire. Kafukufuku wa dziko lonse wa mu 2009 anapeza kuti anthu 5.6 pa 100 alionse a zaka 25 mpaka 64 anali ndi shuga wokwera. Kafukufuku wina wamkulu, wa bungwe la MEIRU, anachitika kuyambira 2013 mpaka 2016 ku Area 25 mu Lilongwe ndi m'midzi ya ku Chilumba m'boma la Karonga, loyandikana ndi Rumphi. Anapeza matendawa mwa anthu pafupifupi 3 pa 100 m'tauni ndi 2 pa 100 kumudzi, ndipo mwa odwalawo, pafupifupi 4 pa 10 alionse sankadziwa kuti akudwala. Alimi ndi asodzi a ku Chilumba sasiyana kwenikweni ndi a ku Chitimba pa kadyedwe ndi kagwiridwe ka ntchito.

Anthu osadziwa aja akutikumbutsa malire a zonse tanenazi. Zizindikiro zitatu zija zimabwera shuga atakwera kale kupitirira mphamvu ya impso. Pansi pa malire amenewo munthu akhoza kukhala zaka zambiri osamva kanthu, mitsempha ya m'maso, ya m'impso ndi ya m'mapazi ikuwonongeka mwakachetechete. Choncho chiganizo chakuti "ndilibe shuga, sindimva ludzu" n'chopanda maziko. Woyenera kunena kuti alibe shuga ndi amene wayezedwa. Mwa akuluakulu ambiri matendawa amatulukira pakhomo lina, ndipo khomo lililonse tili nalo ndi dzina lathu limene limalibisa. Chilonda cha kuphazi chimene sichikupola timati wapondera mankhwala. Dzanzi ndi kutentha kwa mapazi usiku timati nyamakazi. Kuyabwa kumaliseche kwa amayi, kumene kumabwera chifukwa shuga wa mumkodzo amadyetsa tizilombo, timati mauka, ndipo ena amapita kukadulidwa, zimene n'zoopsa kwa munthu amene zilonda zake sizipola msanga. Bambo amene mphamvu za m'banja zachepa timamuseka kuti wagwa m'papaya. Maso akayamba kuona mwachimbuuzi timati ukalamba. Mayina onsewa amatseka nkhani, pamene kubaya chala kamodzi kukanaitsegula. Ngakhale nyerere zounjikana pamene munthu wakodza, chizindikiro chimene asing'anga akale a ku India anachilemba zaka mazana ambiri zapitazo, n'zoyenera kumuuza dokotala, ngakhale kusapezeka kwake sikutsimikiza kanthu.

Mawu omaliza oti tiwawongole ndi akuti "ndachira" kapena "shuga watha". Mlimi uja akayamba mankhwala, kaya mapiritsi a metifomini ndi gilibenikilamaidi amene amapezeka kawirikawiri m'zipatala za boma, kaya jakisoni wa insulini ngati dokotala waona kuti thupi lawonda kwambiri ndipo shuga wakwera zedi, mkodzo ndi ludzu zimachepa m'masiku ochepa, thupi n'kuyamba kubwerera. Zimenezi zikutanthauza kuti shuga watsika kufika pansi pa malire a impso, osati kuti matenda achoka. Mawu oyenera ndi akuti "shuga watsika". Amene amati "watha" amasiya mankhwala ndi masiku ake a kuchipatala, ndipo amabwerako patapita miyezi ali woipirapo.

Pali nthawi imene kulongosola bwino sikufunikanso, chofunika ndi galimoto. Munthu amene wakhala ndi ludzu ndi mkodzo wambiri akayamba kusanza, kumva m'mimba kupweteka, kupuma mozama ndi mofulumira ngati wathamanga, mpweya wake n'kumanunkhira ngati zipatso zakupsa kwambiri, kapena akayamba kuodzera ndi kulankhula zosamveka, ndiye kuti magazi ake awonongeka ndi asidi kapena thupi lauma koopsa. Izi zimachitika msanga kwa achinyamata ndi akuluakulu owonda amene thupi lawo laleka kupanga insulini, nthawi zina patangotha masabata ochepa chiyambire zizindikiro. Wotereyu amafunika madzi a m'mitsempha ndi insulini tsiku lomwelo, pachipatala chogoneka odwala monga cha boma pa Rumphi kapena cha David Gordon Memorial ku Livingstonia, ndipo zikavuta amatumizidwa ku Mzuzu Central. Womuperekeza asangoti "wakomoka" kapena "wadwala mwadzidzidzi". Anene kuti wodwalayo wakhala akukodza mkodzo wambiri, akumva ludzu losatha ndi kuwonda ngakhale akudya, atchule kuti zayamba liti, ndipo apemphe kuti amuyeze shuga.